Chitini Chosalira cha a Jenkins

Amene anagonapo pa kachipatala ka mishoni kaja, kutsidya kwa nyanja ukapitirira Malindi, a Jenkins akuwadziwa. Ngati nkhope anaiiwala, mawondo sangawaiwale, chifukwa bambo ameneyu anavala kabudula wa khaki kuyambira nthawi ya Azungu mpaka imvi zitawafika m'makutu. Ntchito yawo inalembedwa kuti mesenjala, koma pa malo aang'ono chotero mesenjala ndiye miyendo ya aliyense. Kukatenga makalata ku boma ku Mangochi, a Jenkins. Kukauza abale kuti wodwala wawo watisiya, a Jenkins. Mbuzi ikalowa m'wodi, onse ankayang'ana a Jenkins ngati mbuziyo ndi mlamu wawo.

Anabadwira m'banja la asodzi, la Chiangilikani. Bambo awo anapita ndi mphepo ya mwera pa nyanja iwo akadali wamng'ono, bwato linabwera lokha. Mayi awo anawalera ndi kadimba ndi usipa wogula m'manja mwa ena. A Jenkins sankakonda kukamba za ubwana wawo, koma chinthu chimodzi ankachinena kawirikawiri: mbale ya chopereka ya kutchalitchi kwawo inali ya mkuwa, ndipo inali ndi pakamwa. Munthu akaponyamo kobiri, tchalitchi chonse chinkamva kuti ndi kobiri. Mayi awo ankadikira mpaka nyimbo ifike pokwera, pamene azimayi onse atsegula kukhosi, ndiye n'kuponya kawo mwachangu ngati akuba.

Sukulu anaisiyira pa Sitandade 3, n'kukapalasa bwato la eni ake. Chimene chinawabweretsa pa chipatala ndi chifuwa. Anagona miyezi, ndipo atayamba kupeza bwino anamwino anayamba kuwatuma ku msika. Ankabwera ndi chenji chonse, mpaka katambala kotsiriza. Kuchira anachira, koma kuchoka sanachoke. Sanakhalepo ndi satifiketi, munda wawo unali wamchenga, nyumba yawo inkadontha mbali ya kumadzulo. Chuma chawo chinali mawu amodzi amene anthu ankanena akamatumiza ndalama: apatseni a Jenkins.

Ndiye zosonkhasonkha zonse za pa ntchito zinagwera iwo. Zinalipo za mitundu iwiri. Zoyamba zinali za chipani: makhadi, ndi mphatso za akuluakulu akamabwera ku boma. Pamenepo panalibe chinsinsi. Wapampando wa nthambi ankanena mtengo, aliyense n'kupereka womwewo, dzina n'kutchulidwa mokweza, ndipo munthu wochedwa kupisa m'thumba ankafunsidwa kuti mtima wake uli kuti. Masiku amenewo kuoneka woumira sichinali chamanyazi chokha, chinali chinthu choti chikhoza kukugonetsa kwina. Anthu anazolowera kupereka akumwetulira ndi kunena mokweza kuti apereka.

Zachiwiri zinali zathuzathu: maliro, ukwati, mnzathu akamachoka. Pa zimenezi a Jenkins anali ndi chitini chawo. Chinali chitini cha mkaka wa ufa, chobooledwa pa chivindikiro, ndipo pansi pake anayalapo zidutswa za bulangete lakale la m'wodi. Uponyemo kwacha ya pepala, zii. Uponyemo tambala, ziinso. Akamakupatsa chitinicho ankatembenuza nkhope n'kumayang'ana mtengo wa mango ngati auona koyamba. Anthu ankawaseka kuti chitini chawo chili ndi chimfine. Iwo ankangoti, "Chimadya chosatafuna."

Chinayenda bwino zaka zambiri, chifukwa za maliro palibe amene amafunsa kuti zakwana zingati. Zimangopita ku ufa ndi nsalu. Vuto linabwera pamene mayi Enid, mzamba wamkulu, anati akupuma ntchito, akubwerera kwawo ku Namwera.

Mayi Enid anali munthu wochepa thupi, wa mawu okuluwika, amene anagwira m'manja ana a pafupifupi aliyense wa pa ntchitopo. Bwana Jeremiya, amene ankayang'anira chipatala ndipo odwala ankawatcha adokotala, anaitanitsa onse pakhonde n'kunena kuti mayi ngati amenewa sangapite chimanjamanja. Anthu a kunyanja amaganiza kuti ku Namwera munthu akatuluka panja amauma ndi kuzizira ngati chinangwa, ndiye anagwirizana msanga: bulangete lolemera, ndi pulayimasi yoti aziwiritsira tiyi osatuluka m'nyumba. A Basil, kalaliki wa pa chipatalapo, mnyamata wa tayi ndi nsapato zowala, ananena kuti zinthu ziwirizo ku boma zingadye makwacha ngati makumi awiri. Onse anawomba m'manja. Kuwomba m'manja sikuchotsa kanthu m'thumba.

A Jenkins anazungulira ndi chitini mwezi utangotha. Anapita kwa adokotala, anapita ku ofesi ya a Basil, kwa anamwino, kukhitchini, kwa Esitere wochapa zovala za odwala, mpaka kwa Che Sumani, mlonda, amene anawapeza akuchotsa mkeka wawo wopemphererapo swala. Paliponse ankayang'ana kumbali. Chitini chinalemera ndithu, ndipo kulemerako n'kumene kunawadetsa nkhawa. Chitini cholemera ndi chitini cha zitsulo.

Apa ndi pamene mkulu uyu analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa iye yekha, wina sakanakuganiza n'komwe. Anaona m'maganizo tebulo la pakhonde, a Basil akukhuthula chitini, matambala akugubuduka mpaka pansi, anthu akuyang'anana kuti wa tambala ndani. Anamva mbale ya mkuwa ija ikulira. Ndiye masana ena, ali yekha kuseri kwa sitolo ya mankhwala, anatsegula chitinicho kuti akasinthe zitsulozo ku golosale, zibwere ndalama zapepala zooneka bwino.

Munthu amene wanyamula ndalama za anzake zaka zonsezo, ndalama zimamuuza eni ake. Za pepala zinalimo zochepa. Kwacha imodzi inali yosalala ngati yasitidwa, ya adokotala imeneyo. Kwacha ina inali yopindidwa kangapo mpaka kukhala kanthu kakang'ono, yonunkha utsi wa nkhuni. Ndi Che Sumani okha amene ankasunga ndalama motero, mu mpendero wa kofia, kachipewa kawo kachisilamu. Panali sheleni ndi sikisi, monga tinkatchulirabe teni tambala ndi faifi tambala, zomatirira mamba a usipa. Esitere akaweruka ankagulitsa usipa pa msika kuti adyetse ana anayi amene bambo wawo anapita ku migodi n'kuiwala njira. Ndipo pansi penipeni panali kobiri lakale la chiboo pakati, la nthawi ya Chitaganya, ndalama yoti inasiya kugwira ntchito kalekale. A Jenkins analiyang'ana nthawi yaitali. Kobiri limenelo ankaliona tsiku ndi tsiku likulendewera pa chingwe cha makiyi a a Basil.

Wa golosale anasintha zonse kupatula kobirilo. Analibweza akuseka, a Jenkins n'kuliika m'thumba la kabudula. Zonse pamodzi zinakwana makwacha asanu ndi anayi.

Tsiku lowerengera, anthu atakhala pakhonde ndi makapu a tiyi, mayi Enid ali kuwodi, a Basil anatsegula chitini n'kuyala ndalama pa tebulo. Sizinatenge nthawi kuyala.

"Zatha?" anafunsa adokotala.

"Zatha, bwana. Naini kwacha."

Adokotala anaika kapu pansi. Anali munthu wabwino, koma wosafuna kuoneka wochepa pamaso pa anthu ake. "Sizingatheke. Ine ndekha ndinaikamo makwacha atatu."

A Jenkins anayang'ana mtengo wa mango.

"Ine awiri," anatero a Basil msangamsanga.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma a Basil, pofuna kuti maso achoke pa iwo, anayamba kufunsa mmodzimmodzi, monga ankachitira wapampando pa msonkhano. Ndipo anthu anayankha monga anazolowera kuyankhira wapampando. Namwino wina anati kwacha ndi hafu. Mnzake sakanatsika pamenepo, nayenso anati kwacha ndi hafu. Wophika anati kwacha ya masheleni. Mawu ankangokwera ngati mtengo wa chambo pa Khirisimasi.

"Esitere?"

Esitere anali atakhala pansi kumapeto, manja otuwa ndi sopo ali pamiyendo. Pambuyo pa makwacha onsewo, pakamwa pake pakanatuluka bwanji sheleni ndi sikisi, za mayi amene anamugwirira ana anayi onse?

"Kwacha," anatero, osadzutsa mutu.

"Che Sumani?"

"Kwathu chimene wapereka sutchula," anayankha mlondayo. "Ukatchula wachilandanso."

Ena anaseka chamumtima. Anamva kuti mkuluyo sanaikemo kanthu.

A Basil anawonkhetsa. Ndalama za pakamwa zinapitirira makwacha makumi awiri, za pa tebulo zinali zisanu ndi zinayi. Kenaka anatola kwacha imodzi n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Koma a Jenkins, tandithandizeni. Anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponya chitsulo? Wophika wanena kuti yake inali ya masheleni. Ali kuti masheleniwo?"

"Ndinakasintha ku golosale."

"Munatsegula chitini?"

"Ndinatsegula."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

Pakhonde panangoti zii, ngati m'chitini momwe. Palibe amene anatchula mawu oti wakuba. Anthu anangoyamba kuyang'ana m'makapu mwawo. Ndipo chodabwitsa cha mtima wa munthu n'chakuti aliyense ankadziwa bodza lake, koma ankakhulupirira la mnzake. Aliyense ankati, ine ndawonjezerako pang'ono, koma enawa anena zoona, ndiye ndalama zasowadi.

A Basil anawonjezera mawu amene mwina sanawayeze kulemera kwake. "Komanso paja ndalama za makhadi a chipani zimadutsa m'manja omwewa. Mwina wapampando angafune kudziwa."

Adokotala anakweza dzanja. "Tisafike kumeneko. A Jenkins, mayi Enid tikutsanzikana nawo Loweruka. Pofika tsikulo mutiuze chimene chinachitika. Zikapanda kumveka, ine sindingasunge mesenjala amene anthu akuopa kumutuma."

A Jenkins anapita kwawo akukankha njinga osaikwera. Mkazi wawo, a Lusiya, anamva nkhani yonse akusenda chinangwa, ndipo sanachedwe kugamula.

"Kobirilo lili m'thumba mwanumo?"

"Lilimo."

"Ndiye mukudwala chiyani? Loweruka mukaliike pa tebulo, mufunse mwini makiyi kuti makwacha ake awiri ndi amenewa. Basi."

"Ndikatero afunsa kuti nanga enawo."

"Muwauze. Inu munanama?"

"Esitere ananama."

"Esitere ndi mkazi wanu? Ana anu adzadya manyazi a Esitere?"

A Lusiya ankanena zoona, ndipo zoona za a Lusiya zinkabwera nthawi zonse zili ndi mpeni m'manja. Njira yodziyeretsera inalipo, yaifupi. Kungonena zimene anaona: kwacha imodzi yosalala osati zitatu, kobiri la chiboo, sheleni ya mamba. Koma akanena zimenezo ndiye kuti zaka zonse zija ankayang'ana mtengo wa mango mwachinyengo, chitini chinali ndi maso. Ndipo adokotala akanachira, a Basil akanachira, anthu a malipiro awo manyazi amawapola msanga. Amene sakanachira ndi wa kumapeto kwa khonde uja.

M'masiku otsatirawo anaona mmene dzina limathera. Silimatha ndi phokoso. Namwino amene ankawatuma kukatumiza ndalama kwa mayi ake ku positi anati mwezi uno apita yekha, akufunako kuona ku boma. Wophika anawatuma mchere, n'kuwerenga chenji kawiri iwo ali pomwepo.

Lachinayi anadutsa ku zingwe zoyanikira. Esitere anawaitana ali kuseri kwa nsalu za pabedi, nkhope osaoneka.

"Achimwene."

"Ee, achemwali."

"Munaona eti?"

"Ndinaona chiyani? Ine ndimayang'ana mango."

"Musandiseke. Sindikugona ine. Loweruka ndinena kuti ndinanama."

"Mukanena inu, ena aja anena?"

A Jenkins anadziyankha okha.

"Sanena. Ndiye mudzakhala wabodza ndinu nokha, ine n'kukhalabe wakuba. Taonani, tawononga anthu awiri pamene panali mmodzi. Yanikani nsalu zanu."

"Nanga ntchito yanu?"

"Ntchito yanga ndi miyendo. Miyendo sanandilande."

Ananena molimba mtima chomwecho, koma atakhota pa ngodya anaima kaye. Anali ndi zaka zoti bwato silikanawalandiranso.

Che Sumani anawapeza pa geti madzulo dzuwa lisanalowe, akubwera kudzayamba ntchito. Awiriwa anali a chipongwe kuyambira kale.

"Akuti mwalemera, a Jenkins. Mugula liti thalauza?"

"Ndikudikira inu muyambe mwagula tochi yoyaka."

Anaseka pang'ono. Kenaka a Jenkins anati, "Akuti inu simunaikemo kanthu."

"Anene. Amene ndinamupatsa si iwo." Mlondayo anakonza kofia yake. "Koma inu munalakwa kutsegula nokha. Ndalama ya gulu ili ngati maliro, siisambitsidwa ndi munthu mmodzi. Mukanandiitana ine, ndikanayang'ana kumbali nanu limodzi."

Mawu amenewo anawalowa a Jenkins kuposa onse. Anali oona. Chifundo chawo anachichita mobisa ngati kuba, ndiye chinaoneka ngati kuba.

Lachisanu m'mawa analowa mu ofesi ya a Basil ndi makalata, n'kutseka chitseko. Anaika makalata pa tebulo, pamwamba pake n'kuikapo kobiri lija.

"Makiyi anu akhala akulira okha masiku ano, akalaliki. Ndati ndiwabwezere mnzawo."

A Basil anayang'ana kobirilo. Anayamba kulankhula zinthu zosafunsidwa: azing'ono awo awiri ku sekondale, fizi, malipiro amene ankatha asanafike m'thumba, nsapato zimene anali asanamalize kulipira. Chitini chitafika, m'thumba munalibe kanthu, ndipo kalaliki wa tayi sakanati ndilibe pamaso pa mesenjala.

"Mukanangogwira chivindikiro n'kuchotsa dzanja," anatero a Jenkins. "Ine sindikanadziwa. Ena amatero."

"Mawa munena?"

"Ndikanafuna kunena, bwenzi kobirili ndabweretsa lero? Tengani, n'lanu. Changa n'chimodzi. Nkhani ya chipani ija ithere m'kamwa mwanu. Za bulangete tikhoza kutukwanizana ife tokha. Zinazo mukudziwa kumene zimafikitsa munthu."

A Basil anagwedeza mutu movomera. Anatenga kobirilo n'kuliponya m'dirowa. A Jenkins anatuluka opanda umboni uliwonse m'thumba, ndipo atauza a Lusiya, mayiwo sanawalankhule mpaka m'mawa.

Loweruka anthu anasonkhana pakhonde mwambo usanayambe. Adokotala anati a Jenkins alankhule. Iwo anaimirira, chipewa m'manja.

"Bwana, ndi inu nonse. Ndinalakwa kutsegula chitini ndekha. Ndinafuna kuti ndalama zibwere zooneka bwino. Zimene ndinapezamo ndi zimene zili apazi, sindinatengepo tambala. Umboni ndilibe. Mawu anga ndi omwewa."

"Nanga zotsalazo zinapita kuti?" anafunsa namwino wa kwacha ndi hafu uja.

"Sindinganene, asisitala."

"Simunganene kapena simukudziwa?"

A Jenkins anayang'ana mtengo wa mango.

Adokotala anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kaya anakumbukira kwacha yawo imodzi yosalala ija, kaya anangomva chisoni, palibe akudziwa. Anatsokomola n'kunena kuti mwina anthu ena anasokoneza powerenga zimene anaponya, zimachitika. A Basil anati nawonso akuganiza choncho. Chigamulo chinali chakuti a Jenkins ntchito apitirize, koma chitini chithe. Kuyambira tsiku limenelo zosonkha zizikhala pa mbale yoonekera, a Basil akuyang'anira, aliyense aziona chimene mnzake waika.

Sanawachotse, komanso sanawayeretse. Anawasiya pakati, pamene munthu amapatsidwa moni koma osatumidwa.

Makwacha asanu ndi anayi aja anagula bulangete lokha, la mizeremizere, lolemera bwino. Za pulayimasi palibe anazitchulanso. Mayi Enid analandira, analifunyulula, n'kulifunda pamapewa dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo, anthu n'kuseka. Anathokoza mwachidule. Anati ana amene anawagwira akule, amayi asamachedwe kubwera kuchipatala, ndipo amene akuba malezala a m'chipinda chochiritsira asiye.

Lole yoti iwatenge inali itaima pa geti. Katundu atakwezedwa, mayiwo anaima pakati pa anthu n'kumasula mfundo ya mpango umene unali m'chikwama. Munali ndalama zawo zonse zopumira ntchito, zimene anali atangolandira. Chipatala chilibe chitseko chimene mzamba sachimva, nkhani ya chitini anali ataimva yonse.

"A Jenkins, tabwerani. Ine pa lole sindiyenda ndi ndalama. Lolemba mukapita ku boma mukandiikire ku positi, monga mwa masiku onse."

Anawapatsa mpango wonsewo, aliyense akuona.

"Mayi," anatero namwino uja motsitsa mawu, "mwawerenga?"

"Awerenga okha. Ine maso anatha."

Kenaka anatembenukira kwa Esitere, amene anali ataima kumbuyo akulira mosabisa, n'kumugwira dzanja. "Iwe, usipa uja unandipatsa wa pa ulendo ndauika pamwamba, usaphwanyike. Ku Namwera ndikadya ngati mfumu." Anakwera, lole n'kunyamuka, bulangete likadali pamapewa.

A Jenkins anakaika ndalamazo Lolemba, ndipo risiti anaitumiza ndi dalaivala wa lole yomweyo. Ena anaona zimenezo n'kuyambanso kuwatuma. Ena sanabwererenso, mpaka lero akafunsidwa amati, mkulu uja anali wabwino, koma paja panali kankhani. Kankhani kameneko anakhala nako mpaka anapuma ntchito. Chitini a Lusiya anachichotsa nsanza n'kumasungiramo mchere.

Patapita miyezi ingapo wophika anaferedwa mwana. A Basil anaika mbale ya enamulo pa tebulo la pakhonde n'kukhala pambali pake. Adokotala anabwera n'kuika makwacha awiri, onse akuona, nkhope ili gwa ngati akumeza kwinini. Anamwino anaika zawo. Koma a kumbuyo, ochapa, osesa, otema nkhuni, ankangozungulira patali ngati mbaleyo ili ndi moto.

A Jenkins ankapopa njinga kuseri kwa khitchini pamene Esitere anafika n'kuwatsegula dzanja. Anaikamo sheleni.

"Mukandiponyere, achimwene."

Asanayankhe, wosesa anabwera ndi sikisi. Wotema nkhuni anabwera ndi matambala atatu. Che Sumani, amene sinali nthawi yawo ya ntchito, anatulukira n'kuwalowetsa kanthu kopindapinda m'thumba la kabudula osanena mawu. A Jenkins anaima pamenepo thumba likulemera, akuyang'ana kumwamba kwa denga, chifukwa mtengo wa mango kuchokera kumeneko sunkaoneka.

"Che Sumani," anatero, "tiyeni limodzi. Ndekha sindipitanso."

Anafika pakhonde awiriwo. A Jenkins anatulutsa zonse n'kuzikhuthula m'mbale kamodzi, zinalira ngati mvula pa malata.

"Za ndani zimenezi?" anafunsa a Basil.

"Za ife a kumbuyo."

"Aliyense zingati?"

"Zasakanikirana, akalaliki."

A Basil anayang'ana mbale, anayang'ana a Jenkins, ndipo sanafunsenso.

Zinakhala choncho zaka zonse zotsala. Mbale inali ya a Basil, koma theka la zolowamo linkadzera m'kabudula wa khaki. A Lusiya anasoka thumba limenelo kambirimbiri, akudandaula kuti amuna anzawo amang'amba matumba ndi ndalama zawozawo. Pomaliza anatopa, anatenga nsanza za bulangete zija n'kuzisokera m'kati mwa thumbalo kuti lilimbe. Kuyambira pamenepo a Jenkins akamayenda kupita ku mbale, sankamvekanso n'komwe kuti anyamula kanthu.